Madzi a m'phiri adzatsikira pati? Kuwerenga mizere ya makontuwa musanasankhe malo

Mapuloti awiri akhoza kukhala m'tsinde mwa phiri limodzi, moyang'ana msewu umodzi, pa mtengo wofanana, koma ina n'kumalowa madzi chaka ndi chaka pamene inzake ili gwa. Mu Okutobala simungawasiyanitse. Udzu wapsa, nthaka ndi yofiira konsekonse, ndipo wogulitsa akuti kuno madzi sabwera. Kwa ife a ku Chipata, kumene tauni yazingidwa ndi mapiri ndipo nyumba zikukwerabe m'mbali mwake, funso la kumene madzi adzadzere limayankhidwa mu Januwale, maziko atathiridwa kale. Komatu yankho lake limakhala litalembedwa pa mapu amene ambiri tinawaona komaliza m'kalasi ya jogirafe, aja okhala ndi timizere tofiirira tokhotakhota.

Timizere timeneti ndi makontuwa. Mzere uliwonse umalumikiza malo onse amene ali pa msinkhu umodzi kuyezera pa nyanja yamchere. Mukapita ku damu la Lutembwe madzi ataphwera, mudzaona m'mbali mwake mizere ya matope imene madzi anasiya pamene ankatsika. Mzere uliwonse ndi wopingasa bwino, sukwera ndipo sutsika. Pamene gombe ndi lachiphompho mizereyo imathinana, pamene gombe ndi lathyathyathya imatalikirana, ndipo pamene pali kakhwawa kolowa m'damu imakhotera m'kakhwawamo n'kubwerera. Makontuwa ali chimodzimodzi, kungoti mukuwaona muli pamwamba. Ndiye chifukwa chake sadutsana: malo amodzi sangakhale ndi misinkhu iwiri.

Musanayang'ane phiri lanu, yambani mwawerenga m'mphepete mwa pepalalo. Mukufuna manambala awiri. Yoyamba ndi sikelo. Mapu a boma amene amathandiza pa ntchito ngati iyi ndi a 1:50,000, ndipo pa mapu otere masentimita 2 ndi kilomita imodzi, milimita imodzi ndi mamita 50. Yachiwiri ndi mpata wa msinkhu pakati pa mzere ndi unzake. Pa mapu ambiri ndi mamita 20, koma pali ena akale olembedwa m'mafiti, ndipo mafiti 50 ndi mamita 15 ndi pang'ono. Pamenepa anthu amapunthwa. Chipata ili pamwamba pa mamita 1,000, choncho mukaona mzere wodutsa pafupi ndi tauni walembedwa 3,700 kapena 3,800, dziwani kuti amenewo ndi mafiti. Pa mapu ambiri mzere wachisanu uliwonse amaunenepetsa ndi kuulemba nambala, ndipo ina yapakatiyo mumawerenga nokha kuchokera pa wonenepawo.

Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka koma chofanana ndi malo ambiri a kuno. Phiri lili kummwera, msewu uli kumpoto m'munsi mwake. Mapu ndi a 1:50,000, mpata wa mizere ndi mamita 20. Mapuloti athu awiri ali chakumunsi pang'ono kwa mzere wa 1,120. Ina ili kum'mawa, inzake kumadzulo, ndipo pa pepala zatalikirana mamilimita 6, kutanthauza mamita 300 pansi.

Choyamba n'kudziwa kumtunda ndi kumunsi. Zimaoneka zachibwana koma zolakwa zambiri zimayambira apa, chifukwa maso amafuna kukhulupirira kuti pamwamba pa pepala ndiye kumtunda. Pamwamba pa pepala ndi kumpoto basi. Pezani mizere iwiri yokhala ndi manambala, muone kumene manambala akukulira. Pa chitsanzo chathu akukulira cha pansi pa pepala, kummwera, mpaka mizere itasanduka timphete totsekeka pa nsonga. Jambulani kamuvi ndi pensulo kuloza kumunsi, kuti musasokonezeke mukayamba kutembenuza pepala.

Tsopano kutsetsereka. Ikani rula kuchokera pa mzere wa 1,280 kufika pa mzere wa 1,160, mutsate njira yaifupi yodula mizereyo mopingasa. Tinene kuti mwapeza masentimita 1.2, amene ndi mamita 600. Kutsika kwake ndi 1,280 kuchotsapo 1,160, mamita 120. Ngati mukuwerenga ndi chala, werengani mipata osati mizere: apa mizere ilipo 7 koma mipata ndi 6, ndipo 6 kuchulukitsa ndi 20 ndi 120. Wowerenga mizere apeza 140, phiri n'kuliwonjezera ukali umene lilibe. Gawani 120 ndi 600, mupeza kuti pa mamita 5 alionse amene mwayenda mwatsika mita imodzi. Amenewo ndi 20 peresenti. Pa malo otere ngolo yodzaza sikwera, ndipo munda wolimidwa mizere yoloza kumunsi umatha nthaka m'zaka zochepa.

Kuchokera pa 1,160 kufika pa 1,120 mizere yamasuka. Rula ikuti masentimita 1.6, mamita 800, pamene kutsika ndi mamita 40 okha. Apa ndi mita imodzi pa mamita 20, kapena 5 peresenti. Kupitirira apo, kuchokera pa 1,120 kufika pa 1,100 pali masentimita 2 athunthu, kilomita imodzi yotsika mamita 20, amene ndi 2 peresenti. Woyenda pansi sazindikira n'komwe kuti akutsika. Mukazolowera, rula simuifunanso kwenikweni pa mapu a mtundu uwu: mizere yotalikirana mamilimita 2 ndi 20 peresenti, mamilimita 4 ndi 10 peresenti, mamilimita 8 ndi 5 peresenti.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'kuyeza phiri lonse kamodzi. Munthu aika rula pa 1,280 mpaka pa 1,100, apeza mamita 180 pa mamita 2,400, n'kunena kuti malowa ndi 7.5 peresenti, palibe vuto. Nambala imeneyo siikunena za malo alionse enieni. Phirili lili ndi chigawo chaukali pamwamba ndi chigawo chogona pansi, ndipo nkhani yonse ya madzi ili pamene ziwirizi zakumanira. Madzi amathamanga pa 20 peresenti atanyamula mchenga ndi timiyala, akafika pogona liwiro limatha, katunduyo amamutula, njira yawo imakwiririka, ndipo amayamba kumwazikira kulikonse. Mapuloti athu onse awiri ali pafupi ndi pamene 5 peresenti yasanduka 2 peresenti. Mpaka apa ndi ofanana ndithu.

Kusiyana kwawo kuli m'kakhotedwe ka mizere. Lamulo ndi limodzi: madzi amadula kontuwa mopingasa, kutsata njira yaifupi yofikira pa mzere wa m'munsi. Sayenda motsata mzere. Ikani nsonga ya pensulo paliponse pa phiri, jambulani kamuvi kafupi kochoka pa mzere umodzi kupita pa wotsatira wa m'munsi, kodula mizere yonse iwiri ngati mtanda. Chitani zimenezi pa malo khumi kapena khumi ndi asanu m'mbali mwa phiri lonse. Timivi timeneti tiyamba kukuuzani nkhani: pena tikusonkhana, pena tikubalalika.

Kumtunda kwa puloti ya kum'mawa, mzere wa 1,140 ukuyenda bwinobwino m'mbali mwa phiri, kenaka wakhotera kumtunda, wapanga nsonga ngati chilembo cha V, n'kubwereranso. Wa 1,160 wachita chimodzimodzi, wa 1,180 nawonso, ma V atasanjana wina m'kati mwa mnzake mpaka pafupi ndi nsonga ya phiri. Limeneli ndi khwawa. Nsonga ya V imaloza kumtunda, kumene madzi akuchokera, ndipo madzi amatulukira kukamwa kwa V. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona mukadziyesa woyenda pa mzere wa 1,140 amene waletsedwa kukwera kapena kutsika. Mukafika pa khwawa simungalidumphe molunjika, chifukwa pansi pake ndi potsika. Muyenera kulowa nalo cha kumtunda mpaka pamene pansi pa khwawa pakwera kufika pa 1,140, muwolokere pamenepo, mubwerere tsidya linalo. Mapazi anu ajambula V woloza kumtunda. Mukalumikiza nsonga za ma V onsewo ndi pensulo, mwajambula njira ya madzi, kaya mapu aikapo mzere wobiriwira ngati thambo wa mtsinje kaya sanaikepo. Makwawa ambiri a kuno amayenda madzi maola ochepa mvula ikagwa, ndipo si onse amene ojambula mapu anawaika.

Kumtunda kwa puloti ya kumadzulo mizere yakhotanso, koma mosiyana. Yatuluka m'phiri kuloza kumunsi, mozungulira ngati chilembo cha U, mimba yake ikuyang'ana kumsewu. Umenewu ndi msana wa phiri umene watsika pakati pa makwawa awiri. Timivi tanu pano tikubalalika, tina kugwera m'khwawa la kum'mawa, tina m'khwawa lina la kumadzulo. Poyang'ana mwachangu khwawa ndi msana zimafanana, zonse ndi mizere yopindika. Chozisiyanitsa ndi manambala. Imani m'kati mwa kupindikako, muyang'ane kumanja ndi kumanzere. Ngati mbali zonse ziwiri zili zokwera kuposa inu, muli m'khwawa. Ngati zonse zili zotsika, muli pa msana. Makwawa nthawi zambiri amakhala ndi nsonga yakuthwa chifukwa madzi amakumba, misana imakhala yobulungira, koma musadalire maonekedwe okha osayang'ana manambala.

Tadziwa tsopano kuti puloti ya kum'mawa ili kukamwa kwa khwawa. Funso lotsatira ndi kuchuluka kwa madziwo, ndipo apa mpamene mapu amaposa maso, chifukwa munthu woima pa puloti saona dera lonse limene likumutsanulira madzi. Yambirani pa pulotiyo, kwerani ndi pensulo pa msana wa kumadzulo, kudutsa pakati pa ma U onse, mpaka pa nsonga ya phiri. Tsatani pamwamba pa phiri, mutsike ndi msana wa kum'mawa, mubwerere pa puloti. Mzere umenewu sudutsa khwawa paliponse kupatula pa puloti pomwepo. Ukadutsa V wina, mwasochera, fufutani. Dontho lililonse logwa m'kati mwa mzerewu likapanda kulowa pansi lidzadzera pakhomo panu.

Malire a madzi oterewa alipo aang'ono ndi aakulu. Malire a Zambia ndi Malawi cha ku Mwami amatsata msana wotere. Mvula yogwa tsidya la Mchinji imalowa mu Bua n'kukathera m'nyanja ya Malawi, yogwa tsidya lathu imatsikira m'mitsinje yopita ku Luangwa, imene imakathira mu Zambezi. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Mfuwe dziko limatsika mamita oposa 500. Koma zimenezi zisakupusitseni kuti madzi onse a kuno amaloza kuchigwa cha Luangwa kuyambira pakhomo. Kakhwawa ka pa puloti yanu kakhoza kuyamba kaloza kum'mawa kapena kummwera, kutsata makontuwa a pomwepo, n'kukatembenuka patsogolo.

Tibwerere ku dera tajambula lija. Pa pepala ndi lotalika masentimita 3, ndipo m'lifupi mwake, mukafananiza potakata ndi popapatiza, ndi mamilimita 8. Pansi ndi kilomita imodzi ndi theka m'litali, mamita 400 m'lifupi, ndiye kuti mahekitala 60. Mungatsimikize ndi mabokosi amene ali pa mapu: bokosi lililonse ndi kilomita imodzi mbali zonse, mahekitala 100, ndipo dera lathu likudzaza bokosi kupitirira theka pang'ono. Mvula ya milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Chimvula cha mamilimita 40, chimene si chachilendo kuno m'dzinja, pa mahekitala 60 ndi malita 24 miliyoni. Si onse amene adzayenderera. Ena alowa pansi, ena agwidwa ndi udzu ndi masamba. Tingoyerekeza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi ndilo layenderera, malita 6 miliyoni. Akadutsa m'ola limodzi, ndi madiramu asanu ndi atatu a malita 210 pa sekondi iliyonse. Kalavati wa paipi imodzi ya masentimita 60 sangameze ngakhale theka la madzi amenewo, otsalawo adzafuna njira ina, ndipo njirayo ndi bwalo la munthu.

Gawo limodzi mwa anayi lija mapu sangakuuzeni. Limadalira zimene zili pa phiripo lero. Phiri la mitengo ndi udzu limamwa madzi ambiri, makamaka mvula zoyamba. Phiri lomwelo likametedwa ndi owotcha makala, kapena likadzaza malata ndi mabwalo osesedwa, kapena nthaka ikakhuta kale mu Febuluwale, oyenderera akhoza kufika theka. Mapu amakupatsani kukula kwa dera ndi ukali wa mtsetse. Zovala za phirilo muyenera kukaziona nokha.

Puloti ya kumadzulo, ya pa msana, imalandira mvula yake yokha ndi ya kampata kakang'ono ka pamwamba pake, mwina hekitala imodzi kapena ziwiri. Kumanga nyumba, ine ndingasankhe imeneyo osaganizanso kawiri. Koma si kuti yapambana pa zonse. Pa misana nthaka imakonda kukhala yosaya, wokumba chimbudzi amakumana ndi mwala msanga, ndipo chitsime chimapita patali. Ya kum'mawa ili ndi nthaka yakuya imene phiri lakhala likutula, ndipo chinyezi chimakhalitsa. Ya dimba, nthochi ndi nzimbe ndi imeneyo. Chimbudzi chokumba pamenepo chidzadzaza madzi, ndipo ngati m'munsi mwake muli chitsime cha anthu, mwawaipitsira.

Tsono mapuwa ali ndi malire ake, ndipo oyenera kuwadziwa kwambiri ndi amene wayamba kuwakhulupirira. Mpata wa mamita 20 ndi waukulu. Chigwembe chakuya mamita atatu, chokwanira kumeza ng'ombe, chikhoza kukhala pakati pa mizere iwiri osaoneka n'komwe. Pakati pa 1,120 ndi 1,100 pa chitsanzo chathu pali kilomita yathunthu imene mapu sakunenapo kanthu. Tanena kuti ndi 2 peresenti, koma mwina mamita 15 mwa 20 aja atsikira pa malo amodzi, kwina konseko n'kukhala dambo. Ndipo puloti ya mamita 30 pa mapuwa siikwana ngakhale milimita imodzi, n'chimodzimodzi kadontho ka pensulo. Choncho mapu a 1:50,000 amayankha funso lakuti madzi a phiri ili atsikira mbali iti. Funso lakuti nyumba ikhale pakona iti ya puloti sangaliyankhe.

M'madambo ndiye amasowa chonena kwambiri. Mizere imatalikirana, ma V amafutukuka mpaka kusanduka kupindika kwaulesi, ndipo nthawi zina bokosi lathunthu limakhala lopanda mzere. Pamenepo tsatani dambolo mbali zonse ziwiri mpaka mutapeza pamene kontuwa yalidutsa, muwerenge manambala a malo awiriwo. Mungayang'anenso pamene timitsinje tikukumana: kawirikawiri timalumikizana ngati chilembo cha Y, mwendo wake ukuloza kumene madzi akupita. Malo opanda mizere si malo ouma. Nthawi zambiri ndiwo amene madzi amagona.

China n'chakuti mapu ambiri a mtundu uwu anajambulidwa kuchokera pa zithunzi za m'ndege zaka makumi angapo zapitazo. Mapiri sanasunthe, makwawa ali pomwe anali, koma anthu akumba. Msewu wodula phiri mopingasa umagwira madzi a makwawa awiri kapena atatu m'ngalande yake n'kukawatulira pa kalavati mmodzi. Ngati kalavati ameneyo ali pamwamba pa puloti ya pa msana ija, ubwino wake wonse watha, ngakhale makontuwa akunena kuti ndi youma. Mpanda wa njerwa wa mnansi, njira ya ng'ombe, ngakhale kanjira ka anthu otsika ndi nkhuni, zonsezi zimabera madzi njira. Chenjeraninso ndi mapu a fotokope kapena ojambulidwa pa foni, chifukwa akakulitsidwa kapena kuchepetsedwa masentimita 2 sakhalanso kilomita. Yezani bokosi limodzi ndi rula kaye, utali umene mwapezawo ndiwo kilomita yanu. Msinkhu umene foni imaonetsa nawo umaphonya ndi mamita khumi kapena kuposa, choncho sungakuuzeni ngati pakhomo panu ndi pokwera kuposa pa mnansi.

Mukatha ndi pepala, pitani pamalopo mutanyamula pepalalo, mukwere ndi njira ya ma V ija. Ngakhale m'chilimwe madzi amasiya umboni. Muona mchenga woyera wosalala pamene nthaka yozungulira ndi yofiira, zinyalala ndi mapesi zitakodwa m'tsinde mwa zitsamba mbali ya kumtunda, mizu ya mitengo ili pamtunda, timiyala titasanjana m'kanjira. Msinkhu umene zinyalala zakodwa ndi pamene madzi anafika. Funsani amayi amene amalima pafupi, osati wogulitsa, kuti madzi a phiri ili amadzera pati mvula ikakula.

Kutsetsereka kwa puloti yeniyeniyo muyeze ndi paipi yoonekera m'kati, ija amisiri omanga amagwiritsa ntchito. Khomani zikhomo ziwiri motalikirana mamita 10, china kumtunda china kumunsi, dzazani paipi madzi, muchotse mpweya wonse, muimike nsonga zake pa zikhomozo. Yezani kuchokera pansi kufika pamene madzi alekezera, mbali zonse ziwiri. Ngati kumtunda mwapeza masentimita 40 ndipo kumunsi 90, kusiyana ndi masentimita 50 pa mamita 10, amene ndi 5 peresenti. Bwerezani mopingasa puloti, kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, pa zikhomo zitatu kapena zinayi. Ngati zapakati zili zotsika kuposa za m'mphepete, ngakhale ndi masentimita 20 okha, muli m'kakhwawa kamene mapu sanakaone, ndipo ngalande yopatutsa madzi iyenera kukumbidwa kumtunda kwa nyumba, maziko asanayambe, ndi potulukira pake posaloza khomo la mnansi wa kumunsi.